Ndithandizeni mawu oika pansi pa chilengezo cha ntchito: lesitilanti ikukula koma ofunsira oyenera sakubwera

Mayi a Tadala:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi lesitilanti ya matebulo 10, ndipo mwezi wamawa tikutsegula chipinda china kuti matebulo akwane 18. Tiyambanso kugulitsa madzulo mpaka 10 koloko usiku, pomwe panopa timatseka 5 koloko. Ndikufuna wophika mmodzi ndi operekera zakudya awiri. Sabata yatha ndinaika chithunzi pa Facebook ndi mawu awa pansi pake:

"MWAYI WA NTCHITO! Lesitilanti yomwe ikukula mwachangu ikufuna achinyamata olimbikira, okhulupirika ndi aukhondo. Bwerani mukhale mbali ya banja lathu. Ofuna atitumizire meseji."

Anthu ayankha ochuluka zedi, moti foni sinapume. Koma ambiri angolemba kuti "ndilipo" kapena "ndikufuna", basi. Mwa omwe ndinawaimbira, wina amafuna ntchito yolandira ndalama, wina sanaphikepo pamalo ogulitsa chakudya, awiri atamva zoti n'kuweruka usiku anati sangathe. Wophika weniweni sindinamupeze ngakhale mmodzi. Ndilembe bwanji kuti abwere anthu oyenera? Nthawi yandithera.

Chifundo:
Mayi, vuto loyamba ndi chithunzi. Anthu pa Facebook sawerenga, amangodutsa. Mukufunika chithunzi chowala bwino, cha antchito anu akumwetulira atavala yunifomu, ndi mawu akuluakulu akuti TIKULEMBA NTCHITO. Mawu apansiwo akhale afupi kwambiri, mizere iwiri yokha, kuti munthu achite chidwi afunse zambiri. Ine ndimakonzera anthu zithunzi zotere, ndaona zikuyenda.

Bambo Gondwe:
Moni mayi. Ndayang'anira malesitilanti kwa nthawi yaitali ndipo ndalembapo anthu ambiri ntchito, ndiye ndiloleni ndilankhule motalikirapo.

Achimwene Chifundo akunena zoona pa chithunzi, koma pa mizere iwiri yochititsa chidwi ndikusiyana nawo. Mayiwa sakusowa anthu ochita chidwi. Ali nawo ochuluka kale, ndipo ndi omwe akuwadyera nthawi. Chilengezo cha ntchito chili ngati sefa: ntchito yake yaikulu ndi kutsekereza osayenera asanakufikeni, kuti otsalawo akhale ochepa oti mungathe kulankhula nawo mmodzimmodzi.

Taonani zimene mwalemba. Palibe paliponse pamene mwatchula ntchito yake. Wophika wodziwa, yemwe panopa ali pantchito kwina ndipo akuganiza zosintha, akawerenga "achinyamata olimbikira" saona kuti akuitanidwa iye. Amaganiza kuti mukufuna otsuka mbale kapena otumikira, n'kudutsa. Koma munthu amene alibe luso lililonse ndipo akufuna ntchito ina iliyonse amaona kuti zonse mwatchulazo ali nazo, chifukwa palibe munthu amene amadziona ngati waulesi, wakuba kapena wauve. Mawu atatu aja sachotsa aliyense pamzere.

Chinanso, ntchito mukufunazi ndi ziwiri zosiyana, ndiye zilengezo zikhalenso ziwiri. Wophika ndi woperekera zakudya safunsidwa zofanana, sayamba nthawi yofanana, salandira zofanana. Mukaziphatikiza mudzalandira mameseji osadziwa kuti munthu akufunsira iti.

Yamikani:
Pepani mayi, ntchitoyo ikadalipo? Ine ndinamaliza sukulu ndipo ndimagwira ntchito iliyonse. Ndikutumizireni nambala?

Mayi a Tadala:
Achimwene Yamikani, pano ndikungofunsa nzeru za kalembedwe kaye. Chilengezo chikatuluka ndidzachiikanso pagulu pano, mudzaone ngati chikukuyenerani.

Bambo Gondwe, ndamva za kupatula ziwirizo. Koma ndinaopa kulemba za usiku poyera kuti anthu angathawe. Ndimati ndiwafotokozere tikakumana.

Nabanda:
Mayi, ine ndine woperekera zakudya, ndipo ndikupempheni kuti za maola muzilemba pamwamba penipeni. Ife tikamaona chilengezo timafuna kudziwa zinthu zitatu tisanawononge ndalama ya ulendo: ndiyamba nthawi yanji, ndiweruka nthawi yanji, ndipuma tsiku liti. Malo ena ndinapita ku intavyu, ndinadikira pafupifupi tsiku lonse, kenako n'kundiuza kuti kutseka ndi 11 koloko usiku ndipo pobwerera aliyense amadzionera yekha. Ndili ndi mwana wamng'ono. Akanalemba sindikanapita, iwonso sakanataya nthawi yawo pa ine.

Komanso "kutseka 10 koloko" si kuweruka 10 koloko. Kasitomala womaliza akatuluka pamakhala kupukuta matebulo, kukolopa, kuwerenga ndalama. Lembani nthawi imene munthu amatulukadi pakhomo.

Bambo Gondwe:
Achemwali Nabanda anena mfundo imene eni malo ambiri amaiphonya. Amene athawe chifukwa cha usiku athawe panopa, akuwerenga pa foni. Choopsa ndi amene amavomera pa intavyu chifukwa wasowa pogwira, mumuphunzitsa menyu, mumusokera yunifomu, ndiye pakatha milungu itatu wasiya chifukwa sangakwanitse kubwerera kwawo usiku. Pamenepo mumayambiranso, chipinda chatsopano chili chotsegula kale ndipo makasitomala akudikira.

Tiyeni tiwerenge shifiti yanu. Ngati makasitomala amadzulo ayamba kuchuluka cha m'ma 6 koloko, wophika ayenera kufika 2 koloko masana kuti adule, akonze misuzi, ayang'ane zimene zatsala mu firiji, alandire kichini kwa wam'mawa. Oda yomaliza 9:30, kutseka 10, kutsuka ndi kusunga zotsala mpaka 10:30. Ndiye pachilengezo mulembe 2 koloko masana mpaka 10:30 usiku. Ngati muli ndi galimoto yowatula kapena mumapereka ndalama ya ulendo wausiku, chimenecho chilembeni pafupi pomwepo, chifukwa kwa anthu ambiri ndicho chimasankhitsa pakati pa inu ndi malo ena. Ngati mulibe, ganizirani nkhaniyi musanalengeze, chifukwa idzafunsidwa ndithu.

Chifundo:
Ndavomera za maola. Koma ndikumbutse kuti Facebook ndi Instagram zimadula mawu aatali, pamangooneka mizere yoyamba kenako `See more` kapena `more`. Anthu ambiri sadina pamenepo. N'chifukwa chake ndimati zikhale zazifupi.

Bambo Gondwe:
Apo ndiye mwathandiza. Tanthauzo lake n'lakuti mizere iwiri yoyamba inyamule ntchito, maola ndi dera limene lesitilanti ili. Zotsalazo zikhoza kubwera pansi, chifukwa wophika amene waona kuti ntchito ndi yake ndipo maola akumuyenera adzadina yekha. Amene sadina ndi amene sitikumufuna. Pa chilengezo choyamba chija, mizere yamtengo wapataliyo inathera pa "mwayi wa ntchito" ndi "ikukula mwachangu".

Mphatso:
Ine ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito, ngakhale si ku malo odyera. Ndiwonjezere ziwiri.

Choyamba, mawu akuti "achinyamata" achotseni. Mungataye wophika wa zaka 45 amene wakhala pa chitofu theka la moyo wake, yemwe ndi munthu amene mukumufunayo. Komanso m'mayiko ambiri malamulo a ntchito amaletsa kusankha anthu potengera kuti ndi mwamuna kapena mkazi, mtundu, chipembedzo, ndipo ena amatchulanso zaka. Pangano la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, la nambala 111, la chaka cha 1958, ndi limene mayiko ambiri anatengerapo malamulo oletsa tsankho pa ntchito. Zilengezo zija timaziona zoti "tikufuna mtsikana wooneka bwino, wosakwatiwa" zimaika mwini malo pamavuto, komanso atsikana anzeru amazithawa chifukwa amakayika kuti akufunidwira chiyani. Ngati ntchito ikufuna kuima nthawi yaitali ndi kunyamula mathireyi olemera, lembani zimenezo, munthu adziyese yekha. Malire a zaka oyenera kutchula ndi okhawo a lamulo, monga ngati mumagulitsa mowa kapena ntchito ndi yausiku.

Chachiwiri, lembani malipiro.

Bambo Mbewe:
Apo pokha ayi. Ine ndili ndi malo odyera ndipo sindingalembe malipiro poyera. Oyandikana nawo malonda adzaona n'kuwonjezera pang'ono kuti andilande anthu. Antchito anga akale adzaonanso, ndipo ngati watsopano akulandira kuposa iwo, m'kichini mudzabuka mkangano. Komanso malipiro amatengera munthu. Wodziwa kwambiri ndimamupatsa zambiri, wophunzira zochepa. Ndimalemba kuti "malipiro tidzakambirana" ndipo anthu amabwera.

Nabanda:
Amabwera inde bambo, koma amabwera ndani? Ife amene tili kale pantchito, kuti tipite ku intavyu timapempha tsiku, nthawi zina kutaya malipiro a tsikulo. Sindingachite zimenezo osadziwa ngati kumeneko kuli kochuluka kuposa kumene ndili. "Tidzakambirana" ambirife timamva kuti ndi zochepa, akuchita manyazi kutchula.

Mphatso:
Bambo Mbewe, nkhawa yanu ya wodziwa ndi wophunzira imatha mukalemba malire awiri, kuyambira pakuti mpaka pakuti malinga ndi luso. Kungoti malirewo asatalikirane kwambiri, apo ayi sakunenanso kanthu. Kumayiko ena zafika pokhala lamulo: mzinda wa New York unayamba mu 2022 kukakamiza olemba ntchito kuika malire a malipiro pa zilengezo. Za antchito akale, ngati watsopano alandira kuposa wakale pa ntchito yofanana, adzadziwa ndithu mwezi woyamba usanathe, chifukwa m'kichini anthu amauzana. Kubisa pachilengezo kumangochedwetsa mkanganowo.

Bambo Mbewe:
Ku New York n'kwina. Malo ang'onoang'ono ngati athuwa phindu lake ndi lochepa, mwezi wina zimayenda mwezi wina ayi. Ine ndikhalabe pomwe ndili.

Bambo Gondwe:
Ine ndili pakati, koma ndapendekera kwa a Mphatso. Kwa operekera zakudya ndimalemba ndalama yeniyeni, chifukwa onse amayambira pamodzi ndipo palibe chokambirana. Kwa wophika ndimalemba malire awiri. Chimene sindilola ndi kulemba "malipiro abwino" popanda nambala, chifukwa mawu amenewo malo onse amalemba, olipira bwino ndi olipira moipa omwe.

Pali kanthu kena ka m'malesitilanti mokha: ndalama zimene makasitomala amasiyira owatumikira, matipu aja. Nenani poyera ngati amatenga amene watumikira tebulolo, kapena mumaziphatikiza n'kugawana ndi a m'kichini. Woperekera wodziwa adzafunsa zimenezo msanga. Ndipo musawerengere matipu ngati gawo la malipiro amene mukulonjeza.

Mphatso:
Zoona. Pali pangano lina la ILO, la nambala 172 la 1991, lokhudza mahotela ndi malesitilanti, limene limanena kuti wantchito azilandira malipiro ake okhazikika pa nthawi yake posatengera matipu. Si mayiko onse analivomereza, ndiye aliyense aone malamulo a kwawo, makamaka pa malipiro ochepetsetsa ololedwa ndi maola a pa sabata. Shifiti ya maola 8 ndi theka kwa masiku 6 ikukwana maola 51, ndiye mayi muonetsetse kuti nthawi yopuma ndi maola owonjezera zawerengedwa bwino musanalembe nambala pachilengezo.

Mayi a Tadala:
Zikomo a Mphatso, pa shifitiyo pali ola limodzi lopuma ndi kudya, ndiye ogwira ndi 7 ndi theka, pa sabata 45. Ndilemba zimenezo.

Tsopano za luso. Ndilembe kuti "zaka ziwiri akugwira ntchito" ndi satifiketi ya zophikaphika? Mchemwali wanga akuti popanda satifiketi ndidzalandira aliyense amene amaphika kunyumba.

Bambo Gondwe:
Mchemwali wanu akuopa chinthu chenicheni, koma satifiketi si mankhwala ake okha. Ndagwirapo ndi a satifiketi amene amasokonezeka maoda akafika asanu nthawi imodzi, ndiponso ndi opanda pepala lililonse amene amatulutsa mbale zonse za tebulo limodzi pamodzi, zotentha. Zaka nazonso zimanamiza. Munthu akhoza kukhala zaka ziwiri m'kichini akungosenda ndi kudula, osayimapo pa chitofu nthawi ya chipwirikiti.

Chimene chimasefa bwino ndi kufotokoza ntchitoyo mmene ilili. Matebulo 18, tinene a anthu anayi lililonse, ndi mipando 72. Madzulo otanganidwa, wophika wanu ndi womuthandiza mmodzi akhoza kutulutsa mbale 60 kapena kuposa m'maola atatu. Lembani zimenezo: "muzitsogolera kichini yamadzulo, inu ndi wothandiza mmodzi, mbale pafupifupi 60 pakati pa 6 ndi 9 koloko". Wophika wa kunyumba akawerenga adzadziwa yekha kuti si zake. Wophika weniweni adzayerekeza ndi kumene ali n'kunena kuti izi ndimachita kale. Satifiketi muilembe kuti "ngati ilipo ndi bwino", pokhapokha ngati malamulo a zaumoyo kwanuko amafuna chiphaso cha ogwira chakudya, chimenecho ndiye chosakambirana.

Ndipo ndikufunseni mayi, operekera awiriwo ndi owonjezera pa amene alipo, kapena awiriwo ndiwo agwire madzulo onse? Chifukwa munthu mmodzi amasamala bwino matebulo 5 kapena 6. Akakhala awiri pa matebulo 18 ndiye 9 aliyense, ndipo Loweruka adzalephera ngakhale atakhala akatswiri.

Mayi a Tadala:
Mmodzi wa akale asamukira madzulo, ndiye akhala atatu. Inenso ndimakhalapo.

Bambo Gondwe:
Basi zili bwino, 6 aliyense. Nambala imeneyo muilembenso, imakopa anthu odziwa chifukwa ambiri akuthawa malo amene munthu mmodzi amathamanga chipinda chonse.

Tiyamike:
Ine ndingopempha kuti mulembe dzina la lesitilanti ndi pamene ili, komanso kuti kufunsira n'kwaulere. Mng'ono wanga anaona chilengezo chonga choyamba chija, chopanda dzina, chongoti "titumizireni meseji". Atatumiza anamuuza kuti alipire ya fomu ndi ya yunifomu asanayambe. Analipira, nambala ija inazima. Kuyambira pamenepo chilengezo chopanda dzina la malo sitimachikhulupirira kwathu. Si kuti mayi ndinu otero ayi, koma mawu anu aja akufanana ndi amene akuba amalemba, ndiye anthu osamala amadutsa.

Chifundo:
Apa ndiye chithunzi chija chikugwira ntchito. Ikani chithunzi chenicheni cha malo anu, chikwangwani chikuoneka, osati chotola pa intaneti. Ndipo positi ichokere pa tsamba la lesitilanti, osati pa akaunti yanu ya inu nokha. Zofunika kwambiri monga ntchito, maola ndi tsiku lotseka kufunsira zilembedwenso pachithunzipo, chifukwa anthu akamatumizirana pa WhatsApp nthawi zambiri chithunzi chimayenda chokha, mawu apansi amatsala.

Bambo Gondwe:
Zimenezo ndi zoona ndithu, makamaka tsiku lotseka. Chithunzi chopanda tsiku chimazungulira miyezi, mudzalandira mafoni chaka chamawa.

Tsopano gawo limene lidzakupulumutseni ku "ndilipo" aja: kafunsiridwe. Musangoti "titumizireni meseji". Nenani njira imodzi yokha, ndipo nenani zoti munthu alembe. Ine ndimapempha zinthu zinayi: dzina, kumene anagwirako ntchito komaliza ndi kwa nthawi yaitali bwanji, ngati angathe kuweruka 10:30 usiku, ndi yankho la funso limodzi la ntchito. Kwa wophika funso likhoza kukhala lakuti: mwalandira maoda a matebulo atatu nthawi imodzi, mumayamba bwanji? Amene wayimapo pa chitofu adzanena kuti amayang'ana zonse kaye, n'kuyamba ndi zochedwa kupsa, zofanana n'kuziphikira pamodzi, kuti mbale za tebulo limodzi zituluke limodzi. Amene sanagwirepo adzati "ndimayamba ndi amene wabwera poyamba" kapena "ndimalimbikira". Kwa woperekera: kasitomala wabweza chakudya akuti chazizira, mumatani? Mukufuna kumva kupepesa, kuchotsa mbaleyo msanga, kuuza kukichini ndi kumuuza kasitomala kuti adikira mphindi zingati, osati kukangana naye kapena kunamizira wophika.

Amene watumiza "ndilipo" osayankha zinayizo wakuonetsani kale kuti sawerenga malangizo mpaka pansi, ndipo woperekera wotero adzakulakwitsirani maoda.

Nabanda:
Funso ndi labwino, koma lolani anthu ayankhe ndi mawu ojambula pa WhatsApp ngati akufuna. Ophika ena abwino kwambiri amene ndagwira nawo salemba bwino, ndipo sivi alibe. Mukaumirira kalata yotayipa mudzapeza odziwa kulemba, osati odziwa kuphika. Kwa operekera ndiye kulemba n'kofunika chifukwa timalemba maoda, komabe kumva mmene munthu amalankhulira kumakuuzani zambiri.

Mphatso:
Ndikugwirizana nazo, kungoti musapemphe chithunzi cha munthu kapena cha chitupa chake pa gawo loyambali. Sizikuthandizani kusankha, ndipo mukusunga zinthu za anthu ambiri zimene simukuzifuna. Zitupa mudzaone kwa amene mwawaitana.

Mayi a Tadala:
Ndayesa kulembanso cha wophika. Dzina, dera, nambala ndi ndalama ndazichotsa pano koma pachilengezo zidzakhalapo. Taonani:

"TIKUFUNA WOPHIKA WA MADZULO, (dzina la lesitilanti, dera). 2 koloko masana mpaka 10:30 usiku, masiku 6 pa sabata, kupuma Lolemba.

Tikuwonjezera matebulo kuchoka pa 10 kufika 18 ndipo tikuyamba kutsegula madzulo. Muzitsogolera kichini yamadzulo, inu ndi wothandiza mmodzi, mbale pafupifupi 60 pa tsiku lotanganidwa. Muziyang'aniranso ukhondo wa m'kichini ndi kulemba zofunika kugula za mawa.

Tikufuna amene anaphikapo pa lesitilanti, hotela kapena malo ena ophikira anthu ambiri. Satifiketi ngati ilipo ndi bwino.

Malipiro: kuyambira (ndalama) mpaka (ndalama) pa mwezi malinga ndi luso. Ola limodzi lopuma, chakudya pa shifiti, yunifomu ndi galimoto yokutulani usiku ndi zathu.

Tumizani pa WhatsApp (nambala), polemba kapena pojambula mawu: dzina lanu, kumene munagwirako komaliza ndi nthawi yake, ngati mungathe kuweruka 10:30, ndi yankho la funso ili: mwalandira maoda a matebulo atatu nthawi imodzi, mumayamba bwanji?

Kutseka pa 20 mwezi uno, kuyamba ntchito pa 1 mwezi wamawa. Kufunsira n'kwaulere, sitipempha ndalama iliyonse."

Chifundo:
Kwa ine chatalika, komanso chauma. Palibe chimene chikundipangitsa kufuna kugwira ntchito pamalopo. Mawu aja a "banja lathu" anali ndi kutentha kwake, bwanji osawabwezera?

Nabanda:
Ayi achimwene, amenewo asabwerere. Malo amene ndinamvako "ndife banja" kwambiri ndi amene amatiuza kuti titsalire maola ena popanda malipiro. Galimoto yausiku ndi kupuma Lolemba zikundiuza zambiri za mtima wa mwini malo kuposa mawu amenewo. Ine chilengezo ichi ndikanakhala wophika ndikanafunsira.

Bambo Gondwe:
Chili bwino kwambiri mayi. Kutalika kwake sikukundidetsa nkhawa, Instagram imalola zilembo 2,200 ndipo ichi sichinafike ngakhale pafupi. Koma a Chifundo ali ndi kamfundo: kukula kwa malo kukuoneka ngati ntchito yochuluka yokha. Kodi wophikayu akupindula chiyani ndi kukulako? Ngati adzakhala ndi mawu pa menyu yamadzulo, lembani. Ngati malipiro mudzawaonanso pakatha miyezi itatu yoyeserera, lembani. Wophika wabwino amasiya malo akale kawirikawiri chifukwa kumeneko pamwamba pake pali shefu amene sachoka, ndiye kumva kuti kuno kichini ikhala m'manja mwake ndi chinthu chachikulu. Koma mulembe zokhazo zimene mudzachitadi. Mukalonjeza kukwezedwa kumene kulibe, adzachoka msanga ndipo adzauza anzake.

Ndikonzenso pang'ono: masiku anu athinana. Kutseka pa 20 ndi kuyamba pa 1 kukusiyirani masiku 10 okha a kusankha, kuitana ndi kuyesa. Choposa apo, wophika amene ali pantchito ayenera kupereka notisi kumene ali, nthawi zambiri ya mwezi. Mukaumirira pa 1 mudzatsala ndi okhawo amene sali pantchito, kapena amene angathawe abwana awo osatsanzika, ndipo wotero adzakuchitaninso chimodzimodzi. Lembani kuti "kuyamba pa 1 kapena mukamaliza notisi".

Mayi a Tadala:
Nanga madzulo oyambawo aphika ndani ngati wabwinoyo akudikira notisi?

Bambo Gondwe:
Wam'mawa asinthane ndi inu kwa milungu ingapo, kapena mutsegule madzulo ndi menyu yochepa, zakudya zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimene wothandiza angakwanitse. Kapenanso kuchedwetsa madzulo ndi milungu iwiri chipinda chatsopano chikugwira masana. Zonsezi n'zotsika mtengo kuposa kulemba munthu wolakwika mothamanga.

Bambo Mbewe:
Ine ndingowonjezera kuti musalembe wophika musanamuone akuphika. Mawu pa foni aliyense angakonze, ena adzafunsa anzawo yankho la funso lanulo. Abwere aphike tsiku limodzi.

Mphatso:
Aphike inde, koma alipidwe tsikulo, ndipo zilembedwe pachilengezo kuti "osankhidwa adzayesedwa kwa maola atatu, olipidwa". Pali malo amene amaitana anthu "kudzayesedwa" Loweruka lililonse n'kupeza antchito aulere, ndiye ofunsira amakayika akamva za kuyesedwa.

Bambo Mbewe:
Kulipira munthu amene sindinamulembe? Nanga akaononga zinthu zanga? Ine ndimamupatsa chakudya ndi ya ulendo basi.

Nabanda:
Ngati mbale zimene waphika mwagulitsa kwa makasitomala, wagwira ntchito bambo.

Bambo Gondwe:
Ine ndimalipira, ndipo ndimayesa anthu atatu okha, osati khumi, ndiye ndalama yake si yambiri. Kuyesako kukhale pa nthawi yotanganidwa pang'ono, ndipo muyang'ane zambiri kuposa kukoma: kodi wasamba m'manja asanayambe, kodi thabwa lodulira nyama yaiwisi walisiyanitsa ndi la masamba, kodi pamalo pake pakhala paukhondo akugwira, kodi wothandiza akumulankhula bwanji zinthu zikathina.

Yamikani:
Ndawerenga zonse. Ine sindinagwirepo mu lesitilanti. Ndiye kuti cha operekera zakudya nachonso chidzafuna amene anagwirapo? Nanga ife tidzayambira pati?

Mayi a Tadala:
Funso lanu landigwira mtima achimwene. Pa awiriwo ndikuganiza kuti mmodzi akhale wodziwa, wina wophunzira, popeza wakale uja adzakhalapo kuti amuphunzitse. Bambo Gondwe, zimenezo ndingazilembe pa chilengezo chimodzi?

Bambo Gondwe:
Mungathe, koma mulembe momveka kuti malo ndi awiri, amodzi a wodziwa, ena a wophunzira, aliwonse ndi malipiro ake, ndipo wofunsira anene kuti akufunsira ati. Dziwani kuti a wophunzirawo adzabweretsanso mameseji ambiri, ndiye funso lija ndi limene lidzakuthandizeni. Kwa wophunzira musafunse za kubwezedwa kwa chakudya, sanakumane nazo. Mufunseni ngati anagulitsapo kapena kutumikirapo anthu kwina kulikonse, ndi zimene anachita munthu atamukalipira. Ndipo wophunzirayo ayambe sabata imodzi chipinda chisanatsegulidwe, aziyenda pambuyo pa wakale masana, kuti tsiku loyamba lamadzulo asakhale akufunsa kuti tebulo 12 ndi liti.

Chifundo:
Mayi, mukamaliza cha operekera mundipatse mawu onse awiri ndi chithunzi cha pakhomo, ndikuikireni pa zithunzi ziwiri zosiyana mitundu kuti anthu asazisokoneze. Koma ndikufunabe mzere umodzi wonena za malowo, ngakhale waufupi.

Mayi a Tadala:
Mzerewo ndiyesa, mwina wonena kuti wophika wathu wam'mawa ali nafe kuyambira pomwe tinatsegula, chifukwa ndi zoona. Za malipiro a wophika ndilemba malire awiri, koma ndiyamba ndakhala pansi ndi wam'mawayo mawa kuti asazione koyamba pa Facebook. Za kulipira tsiku loyesa sindinaganize bwino, ndiwerengere kaye. Cha operekera ndichilemba usiku uno ndichiike pano, achemwali Nabanda mudzachione musanagone ngati mungathe, makamaka pa matipu.

Nabanda:
Ndiweruka mochedwa lero, koma ndidzachiona m'mawa. Pa matipu mufunse kaye amene alipo kale mmene amagawanira panopa, kuti zimene mulembe zisasiyane ndi zimene watsopano adzapeze.